Nambala ya Gini: mafunso omwe anthu amafunsafunsa ndi mayankho ake

Kodi Gini ndi chani kwenikweni?

Ndi nambala imodzi, yapakati pa 0 ndi 1, yomwe akatswiri a zachuma amagwiritsa ntchito poyeza kuti ndalama zomwe anthu amapeza mdziko zikusiyana bwanji. Pa 0 ndiye kuti aliyense akupeza chimodzimodzi, palibe woposa mnzake olo ndi kwacha imodzi. Pa 1 ndiye kuti munthu mmodzi watenga zonse ena onse ali chimanjamanja. Palibe dziko lomwe lili pa 0 kapena pa 1, maiko ambiri amapezeka pakati pa 0.24 ndi 0.63 tikamakamba za ndalama zolowa kapena zomwe banja limagwiritsa ntchito.

Dzinali ndi la munthu, Corrado Gini, katswiri wa ziwerengero wa ku Italy amene analemba za muyesowu mu 1912. Mukaona pena alemba 38 pena 0.38 musasokonezeke, ndi nambala yomweyo, ena amangochulukitsa ndi 100 kuti iziwerengeka mosavuta. World Bank imakonda kulemba choncho.

Amaipeza bwanji? Ndimayesa ndi masamu ovuta

Si ovuta, ndi ambiri chabe. Maganizo ake ndi awa: tengani anthu awiriawiri, onani kuti ndalama zao zikusiyana ndi zingati, muchite choncho mpaka aliyense afananizidwe ndi wina aliyense, kenako muone kuti kusiyanako ndi kwakukulu bwanji poyerekeza ndi ndalama zonse zomwe zilipo.

Tiyeni tiyerekeze mabanja asanu, manambalawa ndangopeka kuti masamu ayende bwino. Pamwezi banja loyamba limapeza K100,000, lachiwiri K200,000, lachitatu K300,000, lachinayi K400,000 ndipo lachisanu K1,000,000. Zonse pamodzi ndi K2,000,000.

Banja loyamba likusiyana ndi anzake anayi aja ndi 100, 200, 300 ndi 900 sauzande, kuphatikiza ndi K1,500,000. Lachiwiri taliyerekeza kale ndi loyamba ndiye tingoona atatu apamwamba pake, 100, 200 ndi 800, ndi K1,100,000. Lachitatu 100 ndi 700, ndi K800,000. Lachinayi latsala ndi lolemera lija basi, K600,000. Kusiyana konseku mukaphatikiza ndi K4,000,000.

Tsopano gawani K4,000,000 ija ndi chiwerengero cha mabanja kuchulukitsa ndi ndalama zonse, apa ndi 5 kuchulukitsa K2,000,000, yomwe ndi K10,000,000. Yankho ndi 0.40. Imeneyo ndiye Gini ya kamudzi kathu ka mabanja asanu, ndipo tizibwerera ku mabanja amenewa mmayankho ambiri ali mmunsimu ndiye asungeni mmutu.

Nanga galafu yokhota ija imene amajambula nthawi zonse ndi ya chani?

Ndi njira yachiwiri yofikira pa nambala yomweyo, ndipo inayamba iyoyo. Max Lorenz wa ku America anaijambula mu 1905, Gini asanabwere ndi nambala yake. Mumandandalika anthu kuyambira wosaukitsitsa mpaka wolemeretsa, kenako mumafunsa kuti 20 peresenti ya pansi ili ndi gawo lanji la ndalama zonse, nanga 40 peresenti ya pansi, choncho mpaka onse atha.

Pa mabanja athu aja, loyamba lili ndi 5 peresenti ya ndalama zonse, awiri oyamba pamodzi 15, atatu 30, anayi 50, asanu onse 100. Onani apo, mabanja anayi pamodzi ali ndi theka, banja limodzi lili ndi theka linalo. Akanakhala ofanana manambala akanayenda 20, 40, 60, 80, 100 ndipo pagalafu ukanakhala mzere woongoka wokwera kuchoka pakona ya pansi kumanzere kufika pakona ya pamwamba kumanja. Koma chifukwa sakufanana mzere wao ukutsikira pansi ngati chingwe choyanikira zovala chikalemedwa. Mpata wapakati pa mzere woongoka ndi wokhotawo amautchula A, malo otsala pansi pa wokhotawo ndi B.

```
G = A / (A + B)
```

A ndi B pamodzi nthawi zonse ndi theka la bokosi lonse, 0.5. Kwa ife B ikutuluka 0.30, ndiye A ndi 0.20, ndipo 0.20 kugawa ndi 0.50 ndi 0.40 yomwe ija. Mzere ukamakhota kwambiri A amakula ndipo Gini amakwera.

Ndili ndi malipiro a anthu pa Excel, ndingaiwerengere ndekha?

Eya. Choyamba sanjani malipirowo kuyambira ochepa kupita ochuluka, mukaiwala sitepe imeneyi nambala idzatuluka yolakwika, nthawi zina mpaka yochepera 0, ndipo Excel sidzakuuzani kanthu. Mu kolamu A lembani 1, 2, 3 kutsika pansi kuyambira pa A2, mu kolamu B malipiro kuyambira pa B2. Kwa anthu asanu:

```
=2*SUMPRODUCT(A2:A6,B2:B6)/(COUNT(B2:B6)*SUM(B2:B6))-(COUNT(B2:B6)+1)/COUNT(B2:B6)
```

Yesani kaye ndi mabanja asanu aja, ikatuluka 0.4 ndiye kuti fomyula mwailemba bwino. Chenjezo limodzi, anthu akachepa nambala singafike pa 1 olo mmodzi atenge zonse. Pa anthu asanu imathera pa 0.8, pa anthu khumi 0.9. Ndiye Gini ya ofesi ya anthu sikisi musamaiyerekeze ndi ya dziko.

Chabwino 0.40, koma ikutanthauza chani? Kuti 40 peresenti ya anthu ndi osauka?

Ayi ndithu, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaphonya, olo atolankhani ena. Sikutinso olemera ali ndi 40 peresenti ya chuma. Njira yomveka yoiwerengera ndi iyi: chulukitsani Gini ndi 2. Mukatola anthu awiri mwachisawawa mdzikomo, kusiyana kwa ndalama zao komwe mungayembekezere ndi gawo limenelo la avareji ya dziko. Ndiye pa 0.40 anthu awiri otoledwa choncho amasiyana ndi 80 peresenti ya avareji. Pa 0.25 amasiyana ndi theka la avareji. Ikapitirira 0.50 ndiye kuti kusiyanako kwaposa avareji yeniyeniyo.

Chinanso, nambalayi siyenda msanga. Dziko kuchoka pa 0.38 kufika pa 0.45 zimaoneka ngati kusuntha pang'ono koma ndi kusintha kwakukulu zedi. Pomwe kuchoka pa 0.38 kufika 0.39 mwina si kanthu nkomwe, chifukwa nambalayi imachokera ku kafukufuku wa mabanja ena chabe osati onse, ndiye imatha kugwedera pang'ono pa yokha.

Ndi maiko ati omwe ali pamwamba ndi pansi?

South Africa ndi yomwe imatchulidwa kwambiri kuti ili pamwamba, pafupifupi 0.63 pa manambala a World Bank a 2014, ndipo Namibia inali pafupi pomwepo cha mma 0.59 mu 2015. Aliyense amene anafikako ku Joni akaona Sandton mbali ino, Alexandra kungodutsa msewu waukulu, sadabwa nayo nambalayi. Maiko awiriwa anatengera kugawikana kwa malo, maphunziro ndi ntchito kuchokera ku nthawi ya tsankho, komanso ulova ku South Africa ndi waukulu moti anthu ochuluka alibe malipiro alionse pomwe ena akulandira ngati ali ku Ulaya. Zambia nayo ili pamwamba pa 0.5, Brazil chimodzimodzi.

Pansi kuli maiko ngati Slovakia, Slovenia, Norway, Denmark ndi Finland, onse pansi pa 0.30. America ili cha mma 0.41 pa muyeso wa World Bank, yomwe ndi yokwera ukaiyerekeza ndi maiko anzake olemera.

Nanga Malawi ili pati?

Manambala athu amachokera ku kafukufuku wa mabanja yemwe National Statistical Office ya ku Zomba imachita, amamutcha IHS. Wa 2004/05 anapeza pafupifupi 0.39, wa 2010/11 nambala inakwera kufika 0.45, ndipo wa 2019/20 inatsikanso kufika cha mma 0.38. Papepala ndiye kuti Malawi ndi dziko lofanana kwambiri kuposa Zambia ndi South Africa, ndipo ili pansi pa America.

Musanayambe kuomba mmanja werengani mafunso awiri otsatirawa.

Zingatheke bwanji Malawi kukhala pansi pa America pomwe umphawi uli chonchi?

Chifukwa Gini sayeza umphawi. Amayeza kusiyana basi. Bwererani ku mabanja asanu aja, aliyense mumuchulukitsire ndalama zake kawiri, woyamba K200,000 womaliza K2,000,000, Gini akhalabe 0.40. Aliyense mumuchotsere theka, akhalabe 0.40. Nambalayi siidziwa ngati anthuwo akugona ndi njala kapena akudya katatu. Dziko lomwe anthu ambiri ndi alimi ang'onoang'ono akumudzi okolola matumba ofananafanana limatuluka ndi Gini yotsika ndithu, poti ambiri akufanana pa kusowa. Kafukufuku yemweyo wa 2019/20 anapeza kuti pafupifupi theka la Amalawi ali pa umphawi.

Zimatanthauzanso kuti Gini ikhoza kutsika pa zifukwa zoipa. Mabizinesi a mtauni akagwa, olandira malipiro ndalama zao zikadyeka ndi kukwera mitengo kwa zinthu, mpata umachepa koma wosauka sanapeze kalikonse. Ndiye wina akanena kuti kusiyana kwachepa, funso loyamba ndi lakuti, apansi akwera kapena apamwamba atsika?

Ndamva kuti ya Malawi si ya ndalama zolowa. Ndi zoona?

Ndi zoona, ndipo ine ndimati ili ndiye funso lofunika kuposa onse pano. Masamu a Gini ndi amodzi kulikonse koma zomwe amathiramo mmasamumo sizimodzi.

Ku Ulaya, ku America ndi maiko ambiri a ku Latin America amayeza ndalama zolowa, malipiro, phindu la bizinesi, penshoni, lendi yomwe munthu amatolera. Ku Malawi ndi maiko ambiri a mu Africa ndi kumwera kwa Asia amayeza zomwe banja lagwiritsa ntchito. Chifukwa chake nchomveka. Mlimi wa ku Dowa mukamufunsa kuti mumalandira zingati pamwezi akuyankhani chani? Ndalama ya fodya kapena soya imabwera nthawi imodzi pachaka, ganyu amapezeka lero mawa ayi, chimanga chomwe akudya nchammunda mwake sanagule. Ndiye ofufuza amafunsa kuti masiku seveni apitawa mwadya chani ndipo chochuluka bwanji, ufa, nyemba, usipa, mafuta, shuga, ndipo chomwe chachokera kumunda amachiwerengera mtengo ngati chagulidwa pamsika. Amaonjezerapo za sukulu, zovala, mayendedwe, sopo, ndi mtengo wongoyerekeza wa lendi kwa amene akukhala mnyumba yakeyake.

Vuto ndi lakuti zogwiritsa ntchito zimafanana kwambiri kuposa ndalama zolowa. Munthu wopeza K20 miliyoni pamwezi sadya nsima kuchulukitsa ka 100 kuposa wa K200,000, zambiri amasunga, amagula mapuloti, amaika mu bizinesi, ndipo zonsezo sizilowa mu muyesowu. Wosauka naye mwezi womwe sanapeze kanthu amadyabe, wakongola, wapempha kwa achibale, ndiye saoneka ngati ali pa 0. Mapeto ake dziko lomwelo, chaka chomwecho, Gini ya zogwiritsa ntchito imatuluka yotsika kuposa ya ndalama zolowa. Choncho kuika 0.38 ya Malawi pambali pa 0.41 ya America nkumati ife tili bwino ndi kuyerekeza zinthu ziwiri zosiyana, olo zili mu tebulo limodzi pa webusaiti imodzi.

Kodi anthu olemera kwambiri amawerengedwa nao?

Papepala eya, koma zenizeni ochepa. Kafukufuku wa IHS amafikira mabanja opitirira 11,000 mdziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni, ndiye mwayi woti agwere pa banja limodzi la olemeretsa enieni ndi wochepa. Akaligweranso pali mpanda, mlonda pageti akuti abwana kulibe, ndipo abwana akapezeka sakhala pansi maola angapo kuyankha mafunso a tomato ndi anyezi, akayankha amachepetsa. Izi si za ku Malawi kokha, zimachitika kulikonse.

Onani mmene zimapwetekera nambala. Banja lathu lachisanu lija, la K1,000,000, linene kuti limapeza K500,000. Kusiyana konse kukhala K2,000,000, ndalama zonse K1,500,000, ndipo Gini itsika kuchoka pa 0.40 kufika pa 0.27. Banja limodzi lokha lanama koma kamudzi kathu kakuoneka ngati Denmark. Pa dziko lonse sizigwa kwambiri chonchi koma mbali yomwe zimakokera ndi yomweyo, nambala ya kafukufuku imakhala yotsika kuposa zenizeni. Ndi chifukwa chake akatswiri ena, monga a World Inequality Database, amaphatikiza kafukufuku ndi malekodi a msonkho, ndipo akatero gawo la olemera limatuluka lalikulu. Kumene anthu ambiri salembedwa ku msonkho njira imeneyi imavuta.

Bwanji dziko limodzi ndimalipeza ndi ma Gini awiri osiyana?

Kawirikawiri ndi nkhani ya msonkho ndi thandizo la boma. Pali Gini ya ndalama boma lisanakhudze, ndipo pali ya zomwe zatsala mthumba msonkho utachotsedwa, penshoni ndi thandizo zitaonjezedwa. Ku Britain yoyambayo ili cha mma 0.5 koma yachiwiri imatsika kufika cha mma 0.35. Maiko a kumpoto kwa Ulaya omwe timawatama aja nawonso msika paokha umabala kusiyana kwakukulu ndithu, chomwe chimatsitsa nambala ndi misonkho ndi zomwe boma limabweza kwa anthu.

Pa mabanja athu, chotsani K100,000 kwa lolemera mupatse losaukitsitsa, Gini ichoka pa 0.40 kufika 0.32. Kapena musalande aliyense, mungopatsa banja lililonse K400,000 yoonjezera mofanana, itsika kufika 0.20 olo kuti mpata wa makwacha pakati pa woyamba ndi womaliza ukadali K900,000 yomwe ija. Zili choncho chifukwa Gini amaona kusiyana poyerekeza ndi ndalama zonse, osati makwacha paokha.

Zina zomwe zimasiyanitsa ndi ngati awerengera pa banja kapena pa munthu, poti K300,000 ya banja la anthu awiri si imodzi ndi ya banja la anthu naini, komanso ngati akonza za mitengo, popeza ndalama yomweyo imagula zosiyana ku Lilongwe ndi ku Chitipa.

Maiko awiri akakhala ndi Gini yofanana ndiye kuti zinthu zili chimodzimodzi?

Ayi. Nambala imodzi singanyamule nkhani yonse. Tengani midzi iwiri ya anthu anayi anayi, uliwonse uli ndi K120,000. Mudzi woyamba awiri alibe kanthu, awiri ali ndi K60,000 aliyense. Mudzi wachiwiri atatu ali ndi K10,000 aliyense, mmodzi ali ndi K90,000. Werengani monga tinachitira pa funso lachiwiri, yonse iwiri ituluka 0.50. Koma mudzi woyamba vuto ndi anthu osowa chilichonse, wachiwiri vuto ndi munthu mmodzi amene wakumbatira zambiri, ndipo mankhwala ake sangakhale amodzi. Mukajambula mizere ya Lorenz ya midzi iwiriyi mupeza kuti ikudutsana, ndipo mizere ikadutsana choncho kunena kuti uku ndiye kuli kusiyana kwambiri kumadalira muyeso womwe mwasankha.

Gini amamvanso kwambiri zosintha za anthu apakati, komwe kuli khamu, kuposa za kumapeto kwenikweni. Olemeretsa ochepa chuma chao chikhoza kukula kwambiri nambala nkungosuntha pang'ono.

Ndiye pali miyeso ina yabwino kuposa iyi?

Yabwino kuposa sindinganene, koma yothandizana nayo ilipo. Yosavuta kufotokozera munthu wamba ndi ya Palma, dzina la katswiri wa ku Chile José Gabriel Palma. Mumatenga gawo la 10 peresenti ya pamwamba nkugawa ndi gawo la 40 peresenti ya pansi, ikatuluka 2 ndiye kuti ochepa apamwambawo ali ndi kawiri ka zomwe khamu lapansi lili nazo, zomveka nthawi yomweyo. Iye anaona kuti mmaiko ambiri anthu apakati amatenga pafupifupi theka la ndalama zonse, ndiye kulimbana kwenikweni kuli pa theka linalo.

Palinso ya Theil, yomwe ubwino wake ndi woti imagawika. Mukhoza kunena kuti kusiyana kwakuti kukuchokera pa mpata wa tauni ndi kumudzi, kwakuti kuli pakati pa anthu a mtauni okhaokha. Gini sagawika bwino choncho, ndipo Gini ya dziko si avareji ya ma Gini a maboma ake. Boma lililonse palokha anthu akhoza kufanana koma dziko lonse nkukhala ndi nambala yokwera chifukwa mabomawo akusiyana.

Gini ya chuma ndi ya ndalama zolowa ndi imodzi?

Masamu ndi omwewo koma nambala zimatalikirana. Chuma ndi zomwe uli nazo, nyumba, malo, ng'ombe, masheya, ndalama za kubanki, kuchotsapo ngongole. Chimaunjikana zaka zambiri ndipo chimasiyidwa kwa ana, ndiye Gini yake mmaiko ambiri imapitirira 0.7, ku South Africa imafika cha mma 0.9. Olo Sweden, yomwe pa ndalama zolowa ili mgulu la maiko ofanana, pa chuma nambala yake ndi yokwera kwambiri. Palinso kachilendo kena, poti munthu akhoza kukhala ndi ngongole zoposa katundu wake chuma chake chimakhala pansi pa 0, ndipo oterewa akachuluka lamulo lija loti Gini sapitirira 1 limatha kusweka.

Ndikaona nambala ya Gini mu nyuzi kapena mu lipoti ndiziyang'ana chani?

Yambani ndi chaka cha kafukufuku, osati chaka chomwe lipotilo latuluka. Maiko ambiri a kuno kafukufuku wotere amachitika patapita zaka zingapo, ndiye tebulo lolembedwa chaka chino likhoza kukhala ndi nambala ya dziko lina ya zaka khumi zapitazo pambali pa ya dziko lina ya chaka chatha. Kenako fufuzani ngati ndi ya ndalama zolowa, zogwiritsa ntchito kapena chuma, ndipo ngati ndi ya ndalama zolowa, msonkho usanachotsedwe kapena utachotsedwa. Zimenezi nthawi zambiri zimalembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono pansi pa tebulo.

Ngati mukuyerekeza zaka ziwiri za dziko limodzi, onaninso ngati mafunso a kafukufuku anali omwewo. Kungosintha kuti afunse za chakudya cha masiku seveni mmalo mwa masiku 30, kapena kuonjezera zinthu pa mndandanda wa zomwe amafunsa, kumasintha zomwe anthu amakumbukira ndipo nambala imasuntha popanda munthu aliyense kulemera kapena kusauka. Komanso National Statistical Office ndi World Bank akhoza kutulutsa manambala osiyana pang'ono kuchokera pa kafukufuku mmodzi yemweyo chifukwa amakonza za mitengo mosiyana, ndiye mukayamba ndi manambala a mmodzi pitirizani ndi a yemweyo zaka zonse zomwe mukuyerekezazo.